Funso Lachinayi pa Fomu

Tsamba la pa intaneti lolengeza ntchito lija ndinalilemba ine, ndipo sabata yoyamba ndinkalitsegula m'mawa uliwonse kungoti ndilione kukongola kwake. Pamwamba panali chithunzi cha geti la kampani yathu yopanga makatoni. Pansi pake panali mawu akuluakulu akuti, "Tikukula. Bwerani tikulire limodzi. Timayamba ndi anthu a m'dera lino." Kenako mndandanda wa ntchito: oyendetsa makina khumi, amakaniki awiri, ndi wosunga katundu mmodzi. Ukadina pa ntchito iliyonse, fomu imatseguka.

Ndinali nditagwira ukalaliki pakampanipo zaka zitatu. Atagula makina achiwiri, abwana anandiitana n'kundiuza kuti zolemba anthu ntchito zikhala m'manja mwanga. Ndinavomera ndi mtima wonse, koma fomu yofunsira ntchito ndinali ndisanapangepo chibadwire. Choncho ndinatsegula masamba a makampani akuluakulu, n'kumatola apa funso, apo chiganizo, mpaka yanga inaoneka ngati yawo.

Woika zonsezi pa intaneti anali mayi wina wa makompyuta amene kampani inkamuitana pakakhala ntchito. Tonse tinkamutchula Mawaya, chifukwa m'chikwama mwake simunkasowa waya wolendewera. Anakhala pa desiki yanga n'kumawerenga pepala langa, cholembera chili kukamwa.

"Dzina, imelo, kumene mumakhala, izi zili bwino," anatero. "Koma funso lachinayili, la maphunziro. Mwalemba kuti aliyense wosankha zochepera dipuloma apite yekha ku gulu la osayenera, ndipo pakatha masiku awiri kalata yokana imupeze pa imelo. Mukufunadi choncho? Pa ntchito zonse zitatu?"

"Zonse," ndinayankha. "Ndilibe nthawi yowerenga makalata a dziko lonse."

"Nanga CV? Mwati ikhale ya PDF yokha, yosapitirira ma MB awiri, komanso munthu asathe kutumiza fomu popanda iyo. Achemwali, woyendetsa makina ali ndi PDF?"

"Munthu wofunadi ntchito amayesetsa."

Mawaya anangokweza mapewa n'kuika kanyenyezi kofiira pafunso lililonse, kusonyeza kuti silidumphika. Kalata yokana ija ndinailembanso ndekha, ya mizere inayi, yaulemu bwino, ndipo ndinkanyadira nayo.

Tsono ine ndili ndi achimwene anga aakulu, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Anasiya sukulu asanamalize pulayimale, chaka chimene bambo athu anamwalira, n'kukaphunzira kukonza mamota. Ine ndinafika kukoleji chifukwa cha manja awo. Ali ndi kashedi kamalata kuseri kwa msika, mphindi makumi awiri kuyenda wapansi kuchokera kukampani, ndipo m'dera lonse amadziwika kuti a Sipanala. Pampu ikafa, jenereta ikakana, anthu amanyamula n'kupita nayo kwa iwo. Ine amanditchula Mzime, poti ndine wotsiriza, ndipo amanditchula mofuula, kaya pali anthu kaya palibe.

Za ntchito ya umakaniki sindinawauze. Ndinkadziuza kuti ali ndi shedi yawo, sangafune kumalamulidwa ndi munthu. Koma zoona zake n'zakuti kuofesi anali atayamba kunditchula madamu. Ndinkawaona m'maganizo achimwene atalowa ndi ovololo yawo ya girisi, akukuwa kuti "Mzime!" pamaso pa oyendetsa magalimoto, ndipo mtima unkangoti ayi.

Lachinayi la sabata yachiwiri ndinatsegula gulu la osayenera, kungofuna kuona kuti ladzaza bwanji. Dzina lachisanu ndi chitatu linali la achimwene. Imelo inali ya alamu anga, akazi awo. Pafunso lachinayi anasankha "Pulayimale". Ndinatsegula CV. Linali pepala lochokera m'kope, lolembedwa pamanja ndi zilembo zikuluzikulu, lojambulidwa pamakina. Analemba mayina a mamota amene amawadziwa, zaka makumi awiri ndi zitatu za ntchito, ndi manambala a anthu atatu oti awachitire umboni. Pansi analemba kuti, "Ndimafika pa nthawi."

Kalata yokana inali isanapite. Pambali pa dzina lawo panali kabatani kobwezera munthu ku gulu la oyenera kuwaona. Ndinaika chala pambewa ya kompyuta. Ndinaganiza kuti anthu adzati ndalowetsa m'bale wanga, ndipo ganizo limeneli linandikomera chifukwa linkamveka ngati chilungamo. Ndinatseka tsambalo n'kupita kukatunga madzi a tiyi. Loweruka m'mawa kalata inapita yokha.

Lolemba kunali msonkhano m'chipinda cha abwana. Tinalipo atatu: abwana, ine, ndi akapitawo, bambo wachikulire amene amayang'anira makina onse.

"Oyenera alipo 64," anatero abwana, akuyang'ana pepala limene ndinawapatsa. "Koma a m'dera lino ndi asanu okha. Enawa ndi akutali, ena akufunsa ngati tipereka nyumba. Ine ndinalonjeza anthu kuti tiyamba ndi oyandikana nawo. Chikuchitika n'chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. M'malo mwake ndinati, "Anthu a kuno safuna kulemba, abwana. Amangofuna kudzaima pageti kuti wina awaloze chala."

Akapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali. Amawadziwa achimwene kuyambira kale, amadziwanso kuti ndine mlongo wawo. Anangotembenuza chipewa chawo pabondo.

Lachitatu m'mawa mota ya makina akale omata makatoni inayamba kulira ngati galu womangidwa, kenako inatentha n'kuima. Tinali ndi makatoni oti atuluke Lachisanu. Makaniki wathu mmodzi yekhayo anali kumaliro. Akapitawo anaimba foni, ndipo ola lisanathe ndinaona pawindo achimwene akulowa pageti, bokosi la zida lili kumbuyo kwa njinga. Ndinakhala phee m'ofesi, chitseko chili chotseka.

Cha m'ma thiri koloko makina analiranso bwino. Abwana anagogoda pachitseko changa. "Tiye ukaone munthu amene watipulumutsa. Tenganso fomu yolipirira."

Ndinawatsatira. Achimwene anali atagwada pambali pa mota, akupukuta manja ndi kansanza. Pansi panali beringi yakale itadyeka mbali imodzi.

"Vuto si mota ayi," ankauza akapitawo. "Lamba munamukoka kwambiri, ndiye amadya beringi. Ndasintha, ndamasulako pang'ono. Mukamva akulira mluzu, musamukoke, mundiitane."

Abwana anasangalala kwambiri. "Bambo, tikufuna amakaniki awiri pano. Ntchito ili pa tsamba lathu sabata yachitatu ino. Bwanji simunafunsire?"

Achimwene anaimirira pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane.

"Ndinafunsira, bwana."

"Munafunsira? Ndiye?"

"Anandiyankha."

Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa foni yong'aluka pakona. Alamu anali atawatumizira chithunzi cha kalata ija. Abwana anaitenga n'kuwerenga mokweza, makina akulira kumbuyo, oyendetsa makina awiri atatchera khutu.

"Tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu pa kampani yathu. Titaunika mosamala pempho lanu, taona kuti simukukwaniritsa zofunika pa ntchitoyi. Tikukufunirani zabwino zonse."

Mawu akuti "titaunika mosamala" ndinawasankha ndekha. Ndimakumbukira nditafufuta "titaona" n'kuika "titaunika mosamala" chifukwa zinkamveka zapamwamba.

Abwana anatembenukira kwa ine. "Anaunika mosamala ndi ndani?"

Anayankha ndi achimwene.

"Musawavute madamuwa, bwana. Anandiuza kushopu yojambula mapepala kuti zinthuzi imasankha yokha kompyuta. Kompyuta sidziwa munthu."

Madamuwa. Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho.

"Ndi achimwene anga," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Awa ndi achimwene anga, abwana. Bere limodzi."

Abwana anayang'ana iwo, anayang'ana ine. Akapitawo anawerama n'kutola beringi yakale ija ngati ili ndi ntchito. Achimwene anasainira fomu, anamanga bokosi lawo panjinga, anatsanzika aliyense mwaulemu, n'kumapita.

M'mawa mwake abwana anaitanitsa Mawaya. Anatsegula laputopu yake patebulo la abwana, ife tili chiimire kumbuyo kwake.

"Anthu amene anatsegula fomu ndi oposa 700," anatero, akuloza manambala. "Mwa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi anatsegula pafoni. Ambiri analemba dzina n'kuima pa imelo. Amene anadutsa pamenepo anakagwa pa CV. Onani apa: munthu akuyesa kuika chithunzi cha pafoni, fomu ikukana, akuyesanso, ikukana, akuchoka. Omaliza kutumiza ndi 105 okha. Mwa amenewa, 41 anagwa ndi funso lachinayi."

"Mwa 41 amenewo, a kuno ndi angati?" anafunsa abwana.

Mawaya anawerenga mzere wa kumene amakhala. "Makumi atatu ndi atatu."

"Alipo amene anawerengako mapempho awo?"

Mawaya anatsegula mndandanda. Pambali pa dzina lililonse panalembedwa kuti silinatsegulidwe, kupatula limodzi. Pa dzina la achimwene panali tsiku ndi nthawi: Lachinayi, 10:12. Mawaya anaziona, ndipo mwamsanga anatsitsa tsambalo kuti mzerewo ubisike. Anandichitira chifundo chimene sindinachipemphe, ndipo chinandipweteka kuposa funso la abwana.

"Bwererani m'mwamba," ndinamuuza. "Limodzi ndinalitsegula, abwana. La achimwene. Ndinaliwerenga kalata isanapite, ndipo ndinalisiya."

"Chifukwa?"

"Ndinkaopa kuti anthu adzati ndakondera."

"Ukanabwera kudzandiuza kuti m'bale wako wafunsira, iwe n'kuchokapo, ena n'kuweruza. Imeneyo ndiyo njira yake, ndipo ukuidziwa." Analoza mndandanda uja. "Ndipo Lolemba unandiuza kuti anthu a kuno safuna kulemba, uli nawo makumi atatu ndi atatu m'kabati."

Sanandichotse ntchito. Anati fomu ikonzedwe tsiku lomwelo, tsiku lotsekera liwonjezedwe ndi masabata awiri, ndipo anthu 41 aja ndiwapeze ndekha mmodzimmodzi. Pa mayeso a amakaniki ndisapezekepo n'komwe.

Tinakhala ndi Mawaya ndi akapitawo mpaka madzulo. Nthawi ino ndinkafunsa akapitawo kuti munthu woyendetsa makina amafunika kudziwa chiyani kwenikweni. Anati adziwe kuwerenga manambala a pa tepi yoyezera, athe kuwerenga chenjezo, ndipo akhale woti angaime maola asanu ndi atatu. Tinagawa fomu kukhala zitatu, ntchito iliyonse ndi mafunso ake. Nambala ya foni inalowa m'malo mwa imelo, imelo n'kukhala ya amene ali nayo. Funso la maphunziro linatsala, koma losagwetsa munthu. Tinawonjezera lina loti, "Fotokozani ntchito imene munagwirapo ndi manja anu." CV inakhala yosakakamiza, ndipo chithunzi cha pafoni chinayamba kuloledwa. Tsamba lonse tinalilembanso m'chinenero chimene anthu amayankhula pamsika. Tinasindikizanso mafomu a papepala n'kuwasiya kwa alonda pageti, kuti ine ndizilowetsa ndekha m'kompyuta. Kalata yokana tinaiimitsa, kuti isapite kwa aliyense munthu asanawerenge pempho lake.

Kupeza anthu 41 aja ndi kumene kunandidya. Poti fomu yanga yoyamba sinkafunsa foni, manambala ndinkawasaka m'ma CV awo, ndipo amene sanalembe ndinawalembera pa imelo. Ambiri imeloyo sinali yawo. Ina inali ya mphunzitsi wa mwana wawo, ina ya mwini shopu. Amene ndinawapeza, ena anathokoza mpaka ine kusowa poyang'ana. Mayi wina amene anayendetsapo makina osokera matumba zaka zisanu ndi chimodzi anandifunsa kuti, "Ndiye poyamba paja munaunika chiyani?" Ndinamuuza kuti palibe chimene tinaunika. Anaseka pang'ono n'kunena kuti abwera. Anthu asanu ndi awiri sindinawapeze mpaka lero.

Kwa achimwene sindinaimbe foni. Ndinapita Loweruka masana. Ndinapeza alamu atakhala pabenchi panja pa shedi, akusenda mbatata m'beseni. Anandilonjera bwinobwino, koma sanandisunthire pabenchi monga amachitira.

"Alamu, fomu yanu ija inatizunza," anatero, maso ali pampeni. "Katatu konse. Koyamba inati imelo, tinaika yanga. Kachiwiri inakana chithunzi. Tinapita kushopu yojambula mapepala, anatipangira PDF yo, inatinso yakula. Tinabwereranso. Aphiri anu awa anatseka shedi tsiku lonse."

Anadzigwira pakamwa n'kuseka, poti dzina limene amawatchula nalo mwanthabwala kunyumba linali litawapulumuka, koma kuseka kwake kunatha msanga.

"Ine ndinati, bwanji osangomuuza mlongo wanu? Iwo anati ayi, tisamuike mwana pa mavuto, tilowere pakhomo limene akulowera anthu onse."

Achimwene anali m'kati, akukulunga waya wa kopa pa mota ya pampu. Ankawerenga mizere chamumtima, milomo ikugwedera, ndiye ndinadikira mpaka anamaliza n'kulemba nambala pakhoma ndi choko.

"Achimwene, ndabwera kudzakuuzani kuti si kompyuta."

Anatenga pulayala n'kudula waya.

"Funso limene linakugwetsani ndinaliika ndine. Ndipo pempho lanu ndinaliona kalata isanapite. Ndikanatha kulibweza. Sindinatero."

"Unaliwerenga lonse?"

"Lonse."

"Zilembo zinali bwino? Alamu akowa amati ndalemba ngati nkhuku yapalasa."

"Zinali bwino, achimwene."

Anagwedeza mutu. "Unkaopa kuti akunena zokondera?"

Akanandilola kuima pamenepo. Ndinaona pankhope pawo kuti akundipatsa njira yothawira, monga ankachitira ndili mwana ndikaswa kapu.

"Ndinauza abwana choncho. Koma si chokhacho. Ndinkachita manyazi kuti muzigwira ntchito pamalo amodzi ndi ine."

Achimwene anayang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo, n'kuwapukuta pa ovololo ngakhale sanali onyowa.

"Chabwino," anatero. "Wanena."

Ndinayembekezera kuti akalipe. Ndinkafuna akalipe. Iwo anangokoka mota ina n'kuyamba kumasula mabawuti. Patapita nthawi anafunsa, osatembenuka, ngati fomu yatsopanoyo ikufunabe zinthu za kushopu. Ndinati ayi, ndipo ndinapempha kuti ndiwalembere pomwepo.

"Ayi. Ndilemba ndekha. Ine ndikufuna ntchitoyo chifukwa msanawu sukundilolanso kunyamula majenereta, si chifukwa cha iwe. Pita ukawathandize alamu ako."

Ndinatuluka n'kukakhala pansi pambali pa beseni. Alamu anandipatsa mpeni wina.

Pempho lawo linafika Lolemba m'mawa, lili pa nambala yachitatu pa mndandanda wa amakaniki. Sindinalitsegule. Ndinalitumiza kwa akapitawo monga anandilamulira abwana. Pofika tsiku lotsekera tinali ndi mapempho oposa 300, ndipo ndinawerenga onse a oyendetsa makina ndi osunga katundu, limodzi ndi limodzi, masiku anayi. Mayeso a amakaniki anachitikira m'fakitale. Aliyense anapatsidwa mota imene akapitawo anaiwononga dala, kuti apeze vuto. Ndinamva kwa alonda kuti achimwene anapeza lawo, n'kupezanso lina limene akapitawo sankalidziwa. Anawatenga, pamodzi ndi bambo wina wa dipuloma wochokera kutali. Mwa anthu khumi ndi atatu amene tinalemba, asanu ndi anayi anali oti amabwera kuntchito wapansi. Mayi wa makina osokera matumba uja anali m'gulumo.

Tsiku lawo loyamba onse anakhala m'chipinda chodyera, ine ndikuwagawira mapepala a olowa kumene ntchito: nambala ya chiphaso, saizi ya nsapato ndi ovololo, ndi abale awiri oti tiwadziwitse pakachitika ngozi. Achimwene anakhala kumbuyo, atavala malaya oyera amene amapita nawo kumaukwati. Analemba mosafulumira, ndipo anali omaliza kubweza pepala. Analipereka ndi manja awiri monga anachitira ena onse.

Nditabwerera kuofesi ndinayamba kulowetsa mapepalawo m'kompyuta. Pa la achimwene, mzere woyamba wa abale analemba alamu. Mzere wachiwiri analemba achemwali athu apakati, amene amakhala ulendo wa tsiku lathunthu pabasi ndipo foni yawo imagwira mwa apo ndi apo. Ofesi yanga ili masitepe makumi atatu kuchokera pamene pali makina.

Ndinaliyang'ana pepalalo kanthawi. Kenako ndinalemba dzina la achemwali ndi nambala yawo monga momwe zinalili, n'kutenga pepala lotsatira.